Tinjerwa ta Mlatho wa ku Lirangwe

Mlatho umene ndinamanga pa kamtsinje kothira mu Lirangwe unagwa mvula yake yoyamba. Sunali mlatho waukulu. Unali ndi mzati umodzi pakati, wongokwanira kuti ngolo ndi malole a chimanga aziwoloka dzinja. Madzi atatsika tinapeza mzatiwo utapendekeka, m'munsi mwake mutadyeka ngati chigumu chonyowa. Ndinatola chibenthu chimodzi n'kuchifinya, chinanyenyeka m'manja mwanga anthu akuona.

Ndinali kapitawo wa gulu lokonza misewu. Kwathu ndi ku Chileka, koma ndinkakhala chikamwini ku Lirangwe, kwa makolo a mkazi wanga, anthu amene agogo awo anachokera ku Mozambiki. Mlongo wake wa mkazi wanga, mlamu wangayo, ndiye ankasunga makiyi a nyumba ya simenti pa ntchitopo. Ndine ndinamupezera ntchitoyo.

Inali nthawi ya Chitaganya, anthu ambiri ali m'ndende, ndipo munthu sunkalankhula usanayang'ane kumbuyo. Mzungu woyang'anira misewu atabwera anazungulira mzatiwo kamodzi, anaukanda ndi kiyi wa galimoto, n'kundiyang'ana.

"Kapitawo, simenti yanga ili kuti?"

"Inalowa m'menemo, bwana."

"M'menemo muli mchenga. Wina wadya simenti, ndipo apolisi amudziwa."

Sanatchule munthu, koma anyamata anga onse anatembenukira kwa mlamu wanga. Chifukwa chinalipo. Chilimwe chomwecho chimene tinkamanga mzati, iyeyo anamanga chiliza pa manda a bambo ake, chosalala bwino, cha simenti yeniyeni. Ankanena kuti thumba anagula kwa Mmwenye ku Blantyre, koma panalibe amene anamuona akulitsitsa m'basi.

Ine ndinkadziwanso chinthu china. Mchenga wa mzatiwo sunali wa mu Lirangwe monga tinkachitira nthawi zonse. Lole yathu inatengedwa kukanyamula apolisi, ndiye mzungu yemweyo anatiuza kuti tisadikire, tikumbe mchenga wa m'khwawa lapafupi n'kumatuta pa wilibala. Unali wofiirira, wosalala m'manja. Ndinayamba kumukumbutsa zimenezo, koma anandidula.

"Mchenga ndi mchenga. Usandiphunzitse ntchito."

Patapita sabata anatitumizira munthu woyesa konkire wochokera ku yadi ya boma ya ku Chileka. Anali Mnyasa mnzathu, wamtali, wa magalasi, ndipo ntchitoyo anakaiphunzira ku Halale. Zimenezo zokha zinakwanira. Munthu wophunzira ku Halale, wotumidwa ndi mzungu, wosaseka, wosanena kwawo: anyamata anagamula tsiku lomwelo kuti ndi kazitape. Akayandikira pamene tinkadyera nkhani zinkatha. Inenso sindinamukhulupirire. Ndinkaona ngati wabwera kudzaveka chigamulo cha mzungu malaya a sukulu.

Anabwera ndi zikombole zachitsulo zing'onozing'ono, chilichonse mainchesi awiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Anandiitana pambali.

"Akapitawo, mzati uja munasakaniza bwanji?"

"Muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala."

"Munaona ndi maso anu tsiku lililonse?"

Ndinati inde, koma mumtima ndinkawerenga masiku amene ndinali kumsewu wina, osakaniza ali okha ndi wosunga makiyi.

"Chabwino," iye anatero. "Tiumba tinjerwa. Tina monga mwaneneramo. Tina simenti imodzi, mchenga itatu, miyala isanu ndi umodzi. Tina simenti imodzi, mchenga inayi, miyala isanu ndi itatu, ngati mmene zingakhalire munthu atachotsa theka la simenti. Tikatiphwanya tidzaona kuti mzati wanu ukufanana ndi titi."

"Mchenga wake uti?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ulipo wamitundu ingati?"

Ndinamutengera kukhwawa. Anatapa mchengawo, anaufinya, anayang'ana chikhatho chake chitafiira. Anangolamula kuti abweretse ndowa ya umenewo ndi ndowa ya wa mu Lirangwe, ndipo muyeso uliwonse anauumba pawiri, wina ndi mchenga uwu, wina ndi uwo.

Ndinali nditagwira simenti zaka zambiri, koma sindinaonepo munthu akuisamala chotero. Miyala anaisefa kuti itsale yaing'ono ngati nzama, chifukwa mwala waukulu sungakhale bwino m'kachikombole. Chilichonse ankayeza ndi kachitini kamodzi, n'kusalaza pamwamba ndi chala. Madzi ankathira pang'onopang'ono mpaka konkire yofewa mofanana, ndipo ndinaona kuti ya mchenga wa m'khwawa inkamwa madzi ambiri isanalole kugwirika. Ankathira m'chikombole theka, n'kusinja ndi kachitsulo, kenaka theka linalo n'kusinjanso, kuti musatsale mphako. Mtundu uliwonse ankaumba titatu. Zikombole zinali zochepa, choncho ntchitoyo inatenga masiku angapo. Mmawa uliwonse ankamasula ta dzulo, ankatilemba manambala ndi msomali, n'kutimiza mumgolo wa madzi umene tinaika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mlatho.

"Tikhala m'madzimo masabata anayi," anatero. "Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Wina asatigwire."

Anasankhanso zibenthu za mzati wogwawo zopanda miyala ikuluikulu. Anakhala pansi n'kumazipera pa mwala wosalala mpaka zitatu zinasanduka tinjerwa tofanana ndi tinzake. Titatuto anatikulunga m'nsanza n'kuika m'chikwama chake. Madzulo aliwonse ankakwera njinga ndi chikwama chimenecho kupita kumsewu waukulu.

Mbiri ya tinjerwato inafika m'midzi ife tisanaweruke. Amayi opita kumtsinje anasuzumira mumgolo, anaona timiyala ta konkire tolembedwa manambala, ndipo anthu a kumeneko ankadziwa mwala umodzi wokha wa mtundu umenewo: wa malire, umene oyeza malo ankakwirira m'mphepete mwa minda ya azungu. Pofika Lamulungu nkhani inali yoti mlatho ndi chinyengo chabe, boma likuumba miyala yodulira minda yathu kuti ipatsidwe kwa azungu a ku Halale. Potuluka m'tchalitchi bambo wina wachikulire anandigwira mkono.

"Akamwini, munda wanga mwaupatsa nambala yanji?"

Ndinafotokoza za simenti ndi mchenga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndi mmene anakuuzirani eti," n'kumapita.

Kunyumba nako kunali kozizira. Mlamu wanga anali ataimitsidwa ntchito podikira zotsatira, makiyi ali ndi ine. Nyumba zathu zinayang'anizana. Apongozi anga anasiya kutumiza ana kudzandipatsa ndiwo. Tsiku lina mkazi wanga akusenda chinangwa anandifunsa osadzutsa mutu.

"Bambo, inuyo mukuganiza kuti achimwene anaba?"

"Sindikudziwa."

"Sindinafunse zimene mukudziwa."

"Nanga iweyo thumba lija unaliona likubwera?"

Anapitiriza kusenda. Patapita kanthawi anati, "Ndinali kumunda."

Sabata yachitatu ili mkati ndinafika pa ntchito mmawa n'kupeza mgolo utagwetsedwa, madzi atauma kale pansi. Tinjerwa tonse panalibe. Tinafufuza m'tchire ndi m'madzi, tinangopeza tiwiri m'matope, tobenthuka m'makona. Mlonda wa pa ntchitopo analumbira kuti anangopita kukaona mbuzi zake m'bandakucha.

Anyamata anagawikana. Ena ankati ndi anthu a m'mudzi, poopa minda yawo. Ena ankati ndani amene akanapindula tinjerwa titasowa, n'kumaloza ndi milomo kumudzi kwa apongozi anga. Mmodzi anati mwina ndi woyesa yemweyo, kuti anene kuti tawononga umboni, atimangitse tonse. Ndipo ndinaona m'maso mwa ena kuti panalinso dzina lachinayi, la kapitawo amene mlamu wake ali pa mlandu.

Madzulo ndinapita kwa mlamu wanga. Ndinamupeza akukonza khasu pakhonde.

"Alamu, dzulo munagona pakhomo?"

Anaika khasu pansi. "Mwabwera ngati mlamu kapena ngati wapolisi?"

"Ndangofunsa."

"Mufunse mlongo wanga, nyumba zathu zayang'anizana. Kapena nayenso mwasiya kumukhulupirira?"

Ndinabwerera kunyumba. Mawu ake anali a munthu wolakwiridwa, koma ndinkadziwa kuti wakuba wochenjera amalankhulanso chimodzimodzi.

Woyesa uja atabwera ndinamuonetsa mgolo ndikuyembekeza ukali. Anatola kanjerwa kamodzi kobenthuka, anakatembenuza, n'kukaponya m'madzi.

"Palibe kanthu. Lachisanu la sabata yamawa mubwere ku Chileka, inu ndi alamu anu ndi osakaniza awiri."

"Kukatani, poti tinjerwa tapita?"

"Tapita ta kuno. Tsiku lililonse ndinkaumba pawiri. Tinato tili m'madzi ku yadi."

Ndinakumbuka chikwama chija. Ndinakumbukanso kuti mmawa uliwonse ankamasula zikombole yekha, ife tisanafike.

"Ndiye kuti simunatikhulupirire chiyambire," ndinatero.

"Inu munandikhulupirira?"

Mlamu wanga poyamba anakana kupita. Anati munthu woitanidwa ku yadi ya boma masiku amenewo sankabwerako. Amayi ake analira. Pamapeto pake anavala jekete la bambo ake n'kukwera nafe lole, atakhala kumbuyo kwenikweni.

Ku Chileka anatilowetsa m'shedi ya malata kuseri kwa yadi, ndege ikulira chapafupi. Chimene tinaona polowa chinaimitsa mmodzi wa osakaniza pakhomo. Panali chitsulo chachitali cha njanji chotambalala m'mwamba, unyolo ukulendewera kumapeto kwake, pambali pataima mitengo iwiri yokhala ndi mtanda ndi chingwe.

"Amanyongera pamenepa?" ananong'ona.

Woyesa anamumva, ndipo kanali koyamba kumuona akumwetulira. Anatifotokozera. Pansi panali chitsulo chochindikala cha mlatho wakale. Mbali imodzi ya njanji inamangidwa ku chitsulocho ndi bawuti wamkulu, moti inkatha kukwera ndi kutsika ngati mpini wa pampu. Kanjerwa kankakhala pafupi ndi bawutiyo, mainchesi asanu ndi limodzi, pakati pa timbale tiwiri tachitsulo. Kumapeto kwa njanji, mapazi khumi kuchokera pa bawuti, ankakolekako mgolo wopanda kanthu. Chingwe chija chinali chongokwezera njanji poika kanjerwa.

"Chimene mwathira mumgolomu," anatero, "kanjerwa kamachimva kamakumi awiri. Tizithira madzi ndi chitini cha palafini, pang'onopang'ono, mpaka kaphwanyike. Muziwerenga nokha zitini. Ine sindiwerenga, mungati ndanama."

Mzungu anafika mochedwa, anakhala pa bokosi pafupi ndi khomo n'kuyatsa kaliwo.

Woyesa anavuula kanjerwa koyamba, ka mchenga wa mu Lirangwe, ka muyeso woyenera. Anakapukuta n'kukagoneka cham'mbali, kuti zitsulo zigwire mbali zosalala zimene zinakhudza chikombole. Anatsitsa njanji mosamala. Wosakaniza mmodzi anayamba kuthira, tonse tikuwerenga mokweza. Pa chitini chachisanu ndi chitatu unyolo unayamba kulira. Pa chakhumi tinamva kuthetheka ngati chimanga chokazinga, ming'alu inatsika m'mbali, kenaka phwa! Mgolo unagwera pa matumba a mchenga amene anayala pansi, madzi n'kutithovukira. Chotsala cha kanjerwako chinali chopyapyala pakati ngati mtondo, m'mbali mutagwa.

Tinakhuthula mgolo n'kuyambanso. Tinzake tiwiri tinafikanso pa khumi, kena kupitirira pang'ono. Ta mchenga itatu tinkasweka pa zitini zisanu ndi chimodzi. Ta mchenga inayi, ta theka la simenti tija, tinkangofika pa zitatu.

Kenaka anamasula nsanza n'kutulutsa ta mzati wogwa. Anali atatisalaza m'mbali ndi simenti yopyapyala kuti tikhale bwino pa chitsulo, ndipo nato tinali titagona m'madzi. Chitini choyamba. Chachiwiri. Chachitatu chisanathe kanjerwa kanafumbutuka, kopanda ngakhale phokoso. Kachiwiri kanafika pa zinayi. Kachitatu pa zitatu.

Mzungu anaimirira. "Basi. Zitatu ndi zitatu. Theka la simenti linabedwa." Analoza mlamu wanga ndi kaliwo. "Uyu asatuluke."

Ndinayang'ana mlamu wanga. Maso ake anali pa fumbi la kanjerwa. Ndinamva mtima wanga ukuvomereza kuti nkhani yatha, ndipo ndinayamba kuganiza za mawu okanena kwa mkazi wanga.

"Sitinathe, bwana," anatero woyesa. "Kwatsala ta mchenga wa m'khwawa."

"N'zosafunika."

"Munandituma kuyesa zonse. Ndikalemba kuti tina sitinayesedwe, ku likulu akafunsa chifukwa."

Analankhula mofatsa, akupukuta kale kanjerwa kena. Mzungu anakhalanso pansi.

Kameneka kanali kofiirira. Woyesa anakakweza kuti tonse tione nambala yake, n'kunena kuti muli simenti yonse, umodzi pa iwiri pa inayi, ndipo ine ndinali mboni chifukwa ndinaona akuyeza. Anauza mlamu wanga kuti athire ndi iyeyo. Mlamu wanga anayamba kuthira, madzi ena akutayikira pambali, woyesa n'kumuuza kuti adekhe, asagwedeze mgolo.

Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Pa chachinayi kanjerwa kanang'aluka n'kukhala pansi.

Tinayesa kachiwiri: zinayi. Kachitatu kanasweka chachinayi chili pakati. Ta mchenga wa m'khwawa tokhala ndi simenti yochepa tinali tomvetsa chisoni. Kena kanaphwanyika ndi kulemera kwa njanji ndi mgolo wokha, tisanathire n'dontho lomwe.

Woyesa anatenga botolo loyera limene linali pa shelefu. Munali mchenga wa m'khwawa umene anaukhutchumula m'madzi dzulo lake n'kuusiya. Mchenga weniweni unali pansi, pamwamba pake patakhala dothi lofiira lochindikala ngati chala. Anati dothi limenelo limakuta mchenga, simenti n'kulephera kugwira, komanso limamwa madzi ambiri, ndipo konkire ya madzi ambiri imakhala yofooka.

Mzungu anafunsa m'Chingerezi, mawu ali pansi, ngati akutanthauza kuti simenti sinabedwe. Woyesa anayankha m'Chinyanja, kuti tonse timve.

"Sindinatero. Ta mzati tasweka pa zitatu ndi zinayi. Theka la simenti ndi mchenga wabwino, zitatu. Simenti yonse ndi mchenga uwu, zinayi. Chitsulo ichi sichingasiyanitse zinthu zoyandikana chotero, komanso tinjerwa topera pamwala sitikhala ndendende ngati toumba. Chimene ndinganene n'chakuti mchenga umenewu ukanagwetsa mlatho popanda wakuba. Ndipo akanachotsa theka la simenti pa mchenga umenewu, mzati sukanadikira mvula."

"Nanga thumba limodzi kapena awiri?" anafunsa mzungu.

"Zimenezo chitsulo sichingaone."

Mzungu anagogoda kaliwo pa bokosi, anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kutuluka. Za apolisi sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Za amene analamula mchenga wa m'khwawa sanazitchulenso.

Panja mlamu wanga anatsamira khoma la shedi. Ndinapita kukaima pafupi naye. Woyesa anatuluka akupukuta magalasi, ndipo mlamu wanga anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwandipulumutsa, bambo."

"Sindinakupulumutseni. Ndayesa konkire." Anavala magalasi aja n'kumuyang'anitsitsa. "Chiliza chija ndinakachiona. N'chomangidwa bwino. Mchenga wake ndi wa mu Lirangwe."

Sindinadziwe ngati kumeneko kunali kuyamikira kapena kufunsa, ndipo ndikuganiza kuti mlamu wanga nayenso sanadziwe. Anasiya dzanja lija pang'onopang'ono.

Mwezi usanathe tinamva kuti woyesa wasamutsidwira kumpoto. Anyamata ena anati walangidwa chifukwa chochititsa mzungu manyazi. Ena anati akazitape amatero, akamaliza pena amawatumiza pena. Amene anagwetsa mgolo sanadziwike. Kumudzi anthu anapitiriza kuyendera malire a minda yawo mmawa uliwonse mpaka chimanga chinacha, kufunafuna timiyala ta manambala.

Mvula itatha anatilamula kumanganso mzati, ndipo ulendo uno lole inabwera ndi mchenga wa mu Lirangwe. Mlamu wanga anabwezedwa pa ntchito, koma makiyi anapatsidwa munthu wina wochokera ku Blantyre. Iyeyo anaikidwa pa gulu losakaniza, ndi fosholo. Ndinayesa kulankhula naye tsiku loyamba.

"Alamu, zija zinatha. Tiyeni tigwire ntchito."

"Zinatha, akapitawo," anayankha. Sanandiitanenso kuti alamu pa ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo, akamathira m'bokosi loyezera ankafuula kuti aliyense amve, maso ali pa ine. "Simenti, umodzi! Mwaona, akapitawo? Mchenga, umodzi! Mchenga, iwiri! Mwaona?" Ndikayang'ana kumbali ankaima, fosholo ili m'manja, kudikira mpaka nditembenuke ndivomere. Anyamata poyamba ankaseka, kenaka anasiya. Anachita zimenezo pa muyeso uliwonse mpaka mzati unafika pamwamba. Madzulo tinkabwerera kumudzi njira imodzi, iye patsogolo ine pambuyo, ndipo tikafika pabwalo aliyense ankalowa m'nyumba yake.